Kuyeza mapiko a mbalame pa chithunzi

Chithunzi pachokha sichingakuuzeni kukula kwa mbalame. Njiwa yojambulidwa pafupi imadzaza foni yonse, pomwe nkhwazi yomwe ili kutali imaoneka ngati kadontho. Kuti mudziwe utali wa mapiko, kuchokera kunsonga ya phiko lina kufika kunsonga ya linzake, pafunika chinthu china m'chithunzimo chomwe mungathe kupita kukachiyeza ndi tepi, ndipo chinthucho chikhale patali mofanana ndi mbalameyo kuchokera pomwe munaima. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Chovuta ndi kusankha chofanizira.

Tiyambe ndi khwangwala, popeza sasowa pakhomo. Tinene kuti mwamujambula akutera pa mpanda wa njerwa, mapiko ali chitambasulire, wayang'ana kwa inu. Tsegulani chithunzicho pa foni, muchikulitse mpaka khwangwala ndi njerwa zingapo zidzaze galasi, kenako musachigwirenso. Mukachikulitsa kapena kuchichepetsa pakati pa miyeso iwiri, zonse zasokonekera. Ikani rula pagalasipo. Mapiko akwana masentimita 5.5. Njerwa zinayi za mzere wapamwamba, pomwe mapazi ake akutera, zakwana masentimita 6 pamodzi ndi matope a pakati pake.

Tsopano pitani kumpandako ndi tepi mukayeze njerwa zinayi zomwezo. Musangoti njerwa timazidziwa kukula kwake, chifukwa njerwa zoumba kumudzi zimasiyana malinga ndi chikombole, ndipo amisiri ena amaika matope okhuthala kuposa anzawo. Tinene kuti mwapeza masentimita 96. Gawani 96 ndi 6, mupeza 16. Ndiye kuti sentimita imodzi pa chithunzi ikuimira masentimita 16 pampandapo. Chulukitsani 5.5 ndi 16, yankho ndi masentimita 88. Mabuku a mbalame amati mapiko a khwangwala wa chifuwa choyera amakhala pakati pa masentimita 85 ndi 98, choncho muyeso wanu uli m'njira.

Tatenga njerwa zinayi m'malo mwa imodzi mwadala. Njerwa imodzi pa galasi ingakwane mamilimita 15 okha, ndipo rula ikaphonya ndi milimita imodzi pamenepo, yankho lasuntha ndi masentimita pafupifupi 6. Pa njerwa zinayi kuphonya komweko kungosuntha yankho ndi sentimita imodzi ndi theka. Chofanizira chabwino ndi chachitali ngati mbalameyo kapena kuposa. Mizere khumi ya malata, chitseko, mtanda wa thandala, zonsezi n'zabwino bola muziyeze. Pa bwalo la mpira lomangidwa motsata malamulo, golo ndi lotambalala mamita 7.32 ndipo msinkhu wake ndi mamita 2.44, koma magolo ambiri a m'midzi ndi mitengo yongozika, ndiye nawonso ayezeni.

Anthu ambiri amalakwitsa pa nkhani ya mtunda. Ngati munaima mamita 10 kuchokera kumpanda, koma khwangwala anali ataulukira kale mamita awiri kubwera kwa inu, ndiye kuti anali pa mamita 8. Chinthu cha pa mamita 8 chimaoneka chachikulu ndi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi chomwecho chili pa mamita 10. Khwangwala wa masentimita 88 uja atuluka wa 110, inu n'kumauza anthu kuti mwaona chilombo. Akakhala kuseri kwa mpanda, zimatembenuka: amatuluka wamng'ono. Koma mukanaima pa mamita 40 n'kuchita kukoka chithunzi ndi kamera, mamita awiri omwewo akanangowonjezera masentimita 5 kapena kuchepera. N'chifukwa chake chithunzi chojambulidwa patali n'chodalirika kuposa chapafupi, malinga ngati nsonga za mapiko zikuoneka bwino. Kuti mudziwe pomwe mbalame inali, yang'anani mapazi. Ngati akhudza njerwa kapena nthambi, palibe chikaiko. Mbalame yomwe ili m'malere, nyumba ili kumbuyo kwake, ine sindingayese n'komwe, pakuti palibe chokuuzani ngati inali mamita atatu kapena makumi atatu kuchokera kunyumbako.

Nthambi ndi yomwe imapezeka m'zithunzi zambiri, koma ili ndi misampha yake. Kunenepa kwa nthambi musakudalire: ndi muyeso waung'ono, ndipo nthambi imaonda ikamapita kunsonga. Masamba nawonso ayi, chifukwa pa mtengo umodzi wa mango pali masamba aatali ndi aafupi. Funani zizindikiro ziwiri zooneka bwino pa nthambi yomwe mbalame yaterapo, monga mphanda ndi mfundo, muyeze pakati pake. Nthambiyo ikhale yopingasa pamaso panu. Yoloza kwa inu imaoneka yaifupi pa chithunzi, ndipo zimenezo zimakuza mbalame.

Nanga nthambi ikakhala pamwamba posafikika? Tengani nsungwi yaitali, mumange tinsanza tiwiri towala chakunsonga kwake, totalikirana mita imodzi ndendende. Wina aimike nsungwiyo pansi pa nthambi, tinsanzato tifike pafupi ndi pomwe mbalame inatera. Inu bwererani pomwe munaima, mujambule ndi foni yomweyo. Pa chithunzi chatsopanochi mita ya nsungwi ikuuzani kutalika kwa pakati pa mphanda ndi mfundo zija, ndipo mukadziwa kumeneko mubwerere ku chithunzi cha mbalame. Ndi ntchito ya anthu awiri, koma iposa kutuma mwana kukwera mtengo wa bulugama.

Chatsala ndi kaimidwe ka mbalame. Mapiko amaoneka utali wake wonse pokhapokha mbalame ikayang'ana kwa inu kapena ikakufulatirani, mapiko atawongoka. Ikapotoloka ndi madigiri 30, mapiko a masentimita 88 amaoneka ngati 76. Ikafika madigiri 60, amaoneka theka. Chimodzimodzi ikakweza mapiko m'mwamba kapena kuwapinda pachigongono, monga zimachitira mbalame zambiri potera. Chizindikiro chake n'chosavuta: phiko lina limaoneka lalitali kuposa linzake, kapena nsonga zili pamwamba pa mutu. Zikatero, muyeso womwe mwapeza muutenge ngati wochepetsetsa, mbalameyo ndi yaikulu kuposa pamenepo. Ngati phiko limodzi lawongoka bwino mopingasa, yezani kuchokera pakati pa msana kufika kunsonga yake, muchulukitse kawiri. Ambiri amayambira paphewa n'kuiwala thupi, motero amataya masentimita angapo.

Mbalame yomwe yakhala phee mapiko atapinda siingakupatseni muyeso wa mapiko. Mungayeze thupi, kuchokera kumlomo kufika kunsonga ya mchira, koma palibe nambala imodzi yochulukitsira yomwe ingagwire pa mbalame zonse. Mapiko a khwangwala ndi pafupifupi kawiri utali wa thupi lake, pomwe a nkhwazi, omwe amafika mamita awiri, ndi pafupifupi katatu.

Polemba yankho, musanene kuti masentimita 88 ngati kuti mbalameyo munaigwira m'manja. Nenani kuti pakati pa 80 ndi 95. Mpata woterowo ndi wokwanira kusiyanitsa kambalame kolusa ka mapiko osafika mita ndi chiombankhanga choposa mita ndi theka, ngakhale sungasiyanitse mitundu iwiri yofanana msinkhu. Pamenepo muyenera kuyang'ananso maonekedwe a mchira, mlomo ndi nthenga.