Kukhoza Mayeso si Umembala: Njira ya Akauntanti Wovomerezeka

Ambiri amathamangira mayeso a ukauntanti, n'kudzazindikira mochedwa kuti zilembo zolemba kumapeto kwa dzina sizibwera ndi mayeso okha. Tsatani ndondomeko iyi musanalipire ndalama iliyonse.

1. Yambani ndi ntchito imene mukufuna kudzagwira. Ngati cholinga chanu n'kudzasayinira malipoti a odita kuno ku Malawi, simungalambalale ICAM ndi MAB, mabungwe amene lamulo la akauntanti la 2013 linawapatsa udindo woyang'anira ntchitoyi. ACCA ndi bungwe la ku Britain lodziwika m'mayiko ambiri, choncho limathandiza wofuna kudzagwira ntchito kunja. CIMA imayenera munthu wokonda za bajeti ndi kayendetsedwe ka chuma m'kati mwa kampani.

2. Werengerani mtengo wa ulendo wonse. ACCA ndi CIMA amalipiritsa m'mapaundi, ndiye kwacha ikagwa, fizi imakwera pomwepo. Kupatula mayeso, pali ndalama yolembetsera ndi ya chaka ndi chaka. Amene ali ndi digiri ya ukauntanti yovomerezeka angakhululukidwe mapepala ena a ACCA, osapitirira 9, koma mapepala okhululukidwawo nthawi zambiri amalipiridwanso.

3. Pezani wokusayinirani ntchito isanapite patali. Apa m'pamene ambiri amakodwa. ACCA imafuna miyezi 36 ya ntchito yeniyeni ya ukauntanti, komanso umboni wakuti mwakwaniritsa zolinga 9 za luso. Wotsimikizira zolingazo ayenera kukhala akauntanti wovomerezeka, monga membala wa bungwe la m'gulu la IFAC, ndipo azidziwa ntchito yanu.

Tiyerekeze kuti mwagwira zaka 2 pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira. Theka la tsiku mumalemba mabuku a ndalama, theka linalo mumagulitsa pa kauntala. Pa miyezi 24 imeneyi, yowerengedwa ndi 12 yokha, ndipo yatsala 24. Ngati abwana anu si akauntanti, angathe kutsimikizira nthawi imene mwagwira, koma osati zolinga zija. Pemphani akauntanti wovomerezeka amene amaona ntchito yanu, monga odita wa kampaniyo, kuti akhale wokusayinirani. Lembani zimene mwachita mwezi ndi mwezi, chifukwa abwana akasamuka umboni umavuta kuupeza.

4. Pemphani umembala. Mukamaliza mayeso, phunziro la khalidwe pa ntchito ndi miyezi ija, lembani fomu yofunsira umembala. Musanalandiridwe, kulemba ACCA pa dzina lanu n'kuphwanya malamulo a bungwelo. Kenaka funsani ku ICAM zoyenera kuchita kuti mulembetsedwe kuno kwathu.

5. Usungeni umembalawo. ACCA imafuna maola 40 a maphunziro owonjezera chaka chilichonse, ndipo 21 mwa maolawo akhale ndi umboni, monga satifiketi ya msonkhano. Wosalipira kapena wosapereka lipoti la maphunzirowa amafufutidwa m'kaundula, ndipo wolemba ntchito akafufuza dzina lake pa intaneti salipeza.