Kodi tiyi amachotsa madzi m'thupi? Tiyeni tiwerengetsere

Ambiri mwa inu munamvapo kuti tiyi si madzi. Ena amafika ponena kuti ukamwa kapu imodzi ya tiyi kapena khofi uyenera kutsirirapo makapu awiri a madzi, chifukwa akuti zakumwa zimenezi zimakodzetsa kwambiri mpaka thupi kuuma. Kuno kwa Mavwere nkhaniyi si yocheza nayo chabe. M'mawa uliwonse matiyirumu amadzaza ndi a kabaza, ogula soya ndi mtedza, ndi alimi amene akupita kudimba, ndipo ena mwa iwo samwanso kanthu mpaka masana, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Ngati tiyi amaumitsadi thupi, anthu amenewa akudzipweteka tsiku ndi tsiku. Ngati saumitsa, ndiye kuti tikuwaopseza pachabe.

Ine ndimaphunzitsa Fizikisi, choncho funsoli ndimaliona ngati la thanki. Thanki ili ndi paipi yolowetsa madzi ndi ina yotulutsa. Kuti mudziwe ngati madzi akuchepa m'thankimo, kuyang'ana paipi yotulutsa yokha sikukwanira. Muyenera kudziwa kuchuluka kwa olowa, kuchuluka kwa otuluka, n'kuchotsera. Anthu amene amati tiyi amaumitsa thupi amangoyang'ana paipi imodzi.

Munthu wamkulu amene sakugwira ntchito yolemetsa amataya madzi pafupifupi malita awiri ndi theka pa tsiku. Pafupifupi lita imodzi ndi theka imatuluka ngati mkodzo, ena onsewo amatuluka kudzera pakhungu, mu mpweya umene timapuma, ndi pang'ono m'chimbudzi. Madzi amenewa ayenera kubwerera. Ambiri amabwera ndi zakumwa, ena ndi chakudya. Musaiwale kuti mtanda wa nsima, phala, ndiwo zamasamba ndi mango zili ndi madzi ochuluka. Thupi silifunsa kuti madziwo afika atavala chiyani. Akafika m'matumbo amalowa m'magazi basi, kaya anabwera ngati thobwa, kaya ngati msuzi wa nyemba.

Nanga tiyi ali ndi chiyani chimene chinamuipitsira mbiri? Muli kafini, mankhwala achilengedwe amene amapezeka m'masamba a tiyi ndi m'njere za khofi. Ndi amene amakuthamangitsirani tulo mukamawerenga usiku. Ndipo n'zoona kuti kafini amakhudza impso.

Pano tibwereke pang'ono za a Bayoloje. Impso zanu zimasefa madzi a m'magazi okwana pafupifupi malita 180 pa tsiku. Inde, malita 180. Koma simukodza malita 180, chifukwa pafupifupi madzi onsewo amabwezedwa m'magazi akamadutsa m'timachubu ting'onoting'ono ta mu impso. Timachubuto timayamba takoka mchere kuubweza m'magazi, ndipo madzi amatsatira mcherewo. Kafini amasokoneza pang'ono ntchito yokoka mchereyi. Mchere wina umatsalira m'timachubu, madzi n'kutsalira nawo limodzi, ndiye mkodzo umachulukirapo. Choncho amene amati kafini amakodzetsa sakunama ayi. Funso n'lakuti amawonjezera mkodzo wochuluka bwanji, poyerekeza ndi madzi amene abwera nawo m'kapu.

Tiyeni tiike manambala. Kapu ya tiyi ya mamililita 250 imakhala ndi kafini wa pakati pa mamiligalamu 40 ndi 50, kutengera masamba amene mwathira ndi nthawi imene mwawasiya m'madzi otentha. Kapu ya khofi wofulula, monga uja amalima ku Misuku ndi madera ena a kumpoto, imakhala ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mu 2015 akatswiri ena anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana ndipo anapeza kuti kafini wa mamiligalamu pafupifupi 300 amawonjezera mkodzo ndi mamililita ongopitirira pang'ono 100. Tinene kuti 110.

Tsopano tengani mnyamata wa kabaza amene wakhala pansi m'tiyirumu. Kuti alowetse mamiligalamu 300 a kafini kudzera mu tiyi, ayenera kumwa makapu asanu ndi limodzi, pakuti 300 kugawa ndi 50 ndi 6. Makapu amenewa ndi 6 kuchulukitsa ndi 250, amene ndi mamililita 1,500 a madzi. Ndiye paipi yolowetsa yabweretsa 1,500, ndipo kafini watsegulako paipi yotulutsa ndi 110. Mukachotsera mutsala ndi 1,390. Ndiye kuti tiyi wake wagwira ntchito imene akanagwira madzi a pa mjigo okwana mamililita 1,390. Kuti tiyiyo amuumitse, kafini akanayenera kutulutsa madzi oposa 1,500 amene analowa. Sakufikako ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo khumi.

Komanso nambala ya 110 ija ndamukhwimitsira nayo mnyamatayu. Kafini amakodzetsa moonekera makamaka kwa munthu amene wakhala masiku angapo osamulawa, kenako n'kumwa wambiri nthawi imodzi. Munthu amene amamwa tiyi m'mawa uliwonse thupi lake limazolowera m'masiku ochepa chabe, ndipo impso zimasiya kutekeseka naye. Zimenezi zinadziwika kalekale. Kafukufuku amene anthu amakonda kumutchula ngati gwero la mantha onsewa anachitika mu 1928, pa anthu atatu okha, ndipo ngakhale iyeyo anasonyeza kuti ozolowera kafini sakhudzidwa kwambiri. Koma mbali yoopsa ndi imene inayenda mtunda, monga zimakhalira ndi mphekesera.

Kafukufuku amene ine ndimamukonda ndi wa ku yunivesite ya Birmingham ku England, amene anasindikizidwa mu 2014. Anatenga amuna 50 ozolowera khofi. Kwa masiku atatu aliyense ankamwa makapu anayi a khofi a mamililita 200 pa tsiku, ndipo nthawi ina anthu omwewo ankamwa makapu anayi a madzi m'malo mwa khofi. Zakudya ndi zakumwa zina zonse zinali zofanana. Anawayeza kulemera, magazi, mkodzo wa tsiku lonse ndi kuchuluka kwa madzi m'thupi lonse. Sanapeze kusiyana kwenikweni. Onani mmene anachitira: anasintha chinthu chimodzi chokha, zina zonse n'kuzisiya momwemo, monga timachitira mu labu tikamayeza waya wautali ndi waufupi pa batire yomweyo.

Ndikudziwa kuti wina akuti, "Koma aphunzitsi, ine ndikamwa tiyi ndimathamangira kuchimbudzi, zimenezo ndimaziona ndekha." Sindikutsutsa. Koma kodi munayesapo kumwa madzi wamba ochuluka chimodzimodzi, pa nthawi yomweyo, mwakhala phee m'kalasi? Mudzathamangiranso kuchimbudzi. Thupi limene lili ndi madzi okwanira kale silisunga owonjezera, limawatulutsa m'maola ochepa. Kafukufuku wina wa mu 2016 anapatsa anthu lita imodzi ya zakumwa zosiyanasiyana n'kuyeza mkodzo wawo kwa maola anayi. Tiyi ndi khofi anatulutsa mkodzo wofanana ndi wa madzi wamba. Zimene zinakhalitsa m'thupi kuposa madzi zinali mkaka ndi madzi a mchere ndi shuga aja timapatsa wotsegula m'mimba.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimatipusitsa. Choyamba, timamwa tiyi wambiri m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, nthawi imene thukuta silituluka. Madzi amene akanatuluka pakhungu amatulukira ku impso, ife n'kumaloza chala tiyi. Chachiwiri, kwa anthu ena kafini amatekenya chikhodzodzo, moti umamva kufuna kukodza chisanadzaze. Kupita kuchimbudzi kawirikawiri ndi kutulutsa mkodzo wambiri ndi zinthu ziwiri zosiyana. Maulendo asanu a mamililita 100 ndi ofanana ndi maulendo awiri a 250.

Mukhoza kuyesa nokha Loweruka kunyumba. Pezani botolo la pulasitiki lakale, mulidule kukamwa ndi kulilemba mizere ya mamililita 100, 200 mpaka kumtunda pogwiritsa ntchito kapu yodziwika muyeso wake. M'mawa mukadzuka kodzani kaye, kenako imwani mamililita 500 a madzi ofunda, ndipo muyeze mkodzo wonse wa maola atatu otsatira osadya kapena kumwa china. Loweruka linalo chitani chimodzimodzi ndi mamililita 500 a tiyi wopanda mkaka. Dzukani nthawi yofanana, idyani mgonero wofanana dzulo lake, ndipo musapite kumpira pakati pa maolawo, chifukwa thukuta lidzaba madzi amene mukufuna kuyeza. Musadabwe manambala akasiyana ndi mamililita 50 kapena 100. Kusiyana kotere kumachitika ngakhale mutamwa madzi masiku onse awiri, n'chifukwa chake muyenera kubwereza kangapo ndi kuphatikiza zotsatira za anzanu musanagamule. Botololo mulitaye mukamaliza, ndipo musambe m'manja ndi sopo.

Zonsezi zili ndi malire ake. Masamu athu aja anayenda bwino chifukwa mu tiyi kafini amabwera atasungunuka m'madzi ambiri. Munthu akathira masipuni atatu a khofi m'theka la kapu kuti achezere usiku wonse mayeso a MSCE atayandikira, walowetsa kafini wambiri ndi madzi ochepa. Ngakhale pamenepo vuto lalikulu si kuuma kwa thupi, koma kusowa tulo, kunjenjemera manja ndi mtima kugunda mothamanga. Bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya linanena mu 2015 kuti achinyamata asamapitirire mamiligalamu atatu a kafini pa kilogalamu iliyonse ya thupi lawo pa tsiku. Ngati mumalemera makilogalamu 50, malire anu ndi mamiligalamu 150, kutanthauza makapu atatu a tiyi. Makapu atatu ndi mamililita 750 okha, osakwanira tsiku lonse. Choncho tiyi amawerengedwa pa madzi a tsiku, koma sangakhale yekha. Ndiye palinso shuga. Ena a inu mumathira masipuni anayi mpaka sipuni kutsala pang'ono kuima yokha m'kapu, ndipo amene amalipira ndi mano.

Malire ena ndi a matenda. Munthu amene akutsegula m'mimba kapena kusanza akutaya madzi pamodzi ndi mchere, ndipo tiyi alibe mchere wobwezeretsa. Ameneyo apatsidwe Thanzi ORS, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino, ndipo ngati kutsegulako kuli kwa madzimadzi osalekeza apite naye kuchipatala msanga, osadikira kuti kuche.

Kwa munthu wabwinobwino, njira yodziwira ngati madzi akukwana ili m'chimbudzi momwemo. Mkodzo wa masana ukakhala wotuwira ngati udzu wouma, madzi akukwana. Ukakhala wochepa, wachikasu chodera ndi wafungo lamphamvu, impso zikuumira madzi, ndipo mutu umayamba kuwawa. Wa kabaza amene wamwa makapu awiri a tiyi m'mawa wayamba tsiku ndi theka la lita. Koma akamapalasa ndi matumba padzuwa la Okutobala akhoza kutaya lita yathunthu ya thukuta pa ola limodzi lokha, choncho theka la lita lija limakhala litatha asanafike n'komwe kumsika. Chimene chamuumitsa ndi thukuta, ndipo chimene akusowa ndi botolo la madzi pa keliyala.