Mapazi a ambuya akukana nsapato

Muulutsi: Adokotala, kalata yoyamba yachokera kwa Mfumu Nsefu, kuno ku Mambwe. Mtsikana wina walemba kuti: "Ambuya anga ali ndi zaka zopitirira 70. Chikolorere, mapazi awo amatupa madzulo, m'mawa n'kuphwako. Tinkati ndi kutentha kwa kuno kuchigwa. Amalume anati mwina anaponda mankhwala kumunda, ndipo anawatemera mphini. Tsopano patapata sakulowanso. Akapita kumjigo amapumira panjira kawiri, ndipo usiku amagona chokhala, atatsamira thumba la chimanga. Kodi ndi ukalamba?"

Dokotala: Mwanawe, wachita bwino kutchula thumba la chimangalo, chifukwa landiuza zambiri kuposa mapaziwo. Ukalamba pawokha sugoneka munthu chokhala. Zimene walembazi zikuloza ku mtima wofooka.

Mtima uli ngati mjigo womwe ambuyawo amapitako: mphira zikatha umapopabe, koma madzi otuluka amachepa. Mtima ukafooka, magazi amachedwa kubwerera ndipo amadzazana m'mitsempha. Impso nazo, poona kuti magazi akuzifika mochepa, zimayamba kusunga mchere ndi madzi. Madziwo amatsikira kumapazi munthu akakhala tsonga tsiku lonse. Akagona chagada amabwerera kumtunda n'kudzaza mapapo. N'chifukwa chake ambuya amabanika akagona, ndipo mwina amadzidzimuka pakati pa usiku akutsokomola, kufuna mpweya pakhomo.

Madzulo ano chita ichi. Dina ndi chala chachikulu pafupa la msongolo, pamwamba pang'ono pa kakolo, uwerenge pang'onopang'ono mpaka 10, kenako uchotse. Pakatsala kadzenje kochedwa kufafanizika, amenewo ndi madzi. Dinanso chakumtunda uone pomwe kadzenjeko kakulekezera, pakakolo, pabondo kapena pantchafu, ndipo ukawauze anamwino. Kwa wodwala amene sadzuka pamphasa, madzi amasonkhana kumsana, m'munsi mwa chiuno.

Mphini zija zilekeke. Khungu lotupa limachedwa kupola, limachucha madzi, ndipo limasanduka chilonda.

Mawa apite kuchipatala cha kufupi. Akawayeza bipi, chifukwa bipi ya zaka zambiri yosamwera mankhwala ndiyo imafooketsa mitima ya achikulire ambiri. Akayezanso mkodzo ndi kuchuluka kwa magazi, popeza impso zodwala kapena kuchepa magazi zimabweretsanso kutupa ndi befu. Pakafunika kujambula pachifuwa akhoza kuwatumiza ku Kamoto, ndipo kuunika mtima weniweniwo ndi makina mwina mpaka ku Chipata.

Muulutsi: Ina yachokera kwa Jumbe. Bambo ena akuti amayi awo anapatsidwa mapiritsi okodzetsa, mapazi anaphwa, iwo n'kuwasiya poti usiku sankagona ndi mikodzo. Tsopano atupanso.

Dokotala: Bambo, izi ndimaziona kawirikawiri. Mapiritsi aja, fulosemaidi, amachotsa madzi koma sachiritsa mtima, choncho mukawasiya madzi amabwerera. Vuto la usikulo nthawi zambiri limakhala la nthawi yomwera. Amwe m'mawa. Ngati anawauza kumwa kawiri, lachiwirilo likhale masana, osati pokagona. Abwerere kuchipatala asanayambirenso, ndipo atenge mapaketi onse, ngakhale opanda kanthu.

Muyang'anenso mumphika. Mchere umakoka madzi, ndipo sukhala wothira pambale wokha ayi. Uli mu nsomba zouma zothira mchere, mu timabuloko tokometsera ndiwo, komanso soda wa m'therere ali m'gulu lomwelo. Nsombazo muziviika ndi kutaya madzi ake, ndipo ndiwo za amayi muzipatula musanathire mchere. China chimene anthu sachiganizira ndi mapiritsi a msana ndi maondo ogula pakantemba, monga bulufeni ndi daikulofenaki. Amenewa amasungitsa madzi m'thupi ndipo amavulaza impso. Panado ndiye wabwinoko.

Ngati pali sikelo pafupi, aziyeza m'mawa atakodza, asanadye. Akakwera makilo opitirira 2 m'masiku 3, si kunenepa kumeneko, ndi madzi. Popanda sikelo, nsapato imodzimodziyo tsiku lililonse ikuuzani. Koma akatsegula m'mimba kapena kusanza, makamaka ndi dzuwa la mu Okutobala, fulumirani kufunsa anamwino, chifukwa pamenepo mapiritsi okodzetsa akhoza kuwaumitsa thupi.

Muulutsi: Wina watumiza uthenga pafoni kuchokera ku Msoro: nanga mwendo ukatupa umodzi?

Dokotala: Imeneyo ndi nkhani ina. Mtima umatupitsa miyendo yonse iwiri. Umodzi ukatupa mwadzidzidzi, ukupweteka kapena kutentha, timaganiza za magazi oundana mumtsempha kapena matenda a pakhungu. Musausisite, pitani tsiku lomwelo. Chimodzimodzi wodwala mtima akamabanika ali chikhalire, akulephera kumaliza chiganizo, kapena akutsokomola thovu: musadikire kuti kuche. Pezani galimoto, ndipo ulendo wonsewo ayende atakhala tsonga, miyendo ili pansi.