Ndowa chaka chino, nanga mwana liti?



Tikamafunsirana timakamba za mahari, za tsiku la ndowa, ngakhale mtundu wa nsalu. Koma funso lakuti mwana woyamba timufuna liti timalilumpha, mwina chifukwa cha manyazi. Wina akalimba mtima n'kufunsa, yankho limangokhala "Insha Allah". Mawuwa ndi abwino, koma ambirife timabisalamo. Mnyamata akatero akutanthauza chaka chino, mtsikana akutanthauza akamaliza sukulu, ndipo aliyense amachoka akuganiza kuti agwirizana.

Tiyerekeze chonchi. Mlongo wathu ali ku yunivesite, kwatsala miyezi 18 kuti alembe mayeso omaliza. M'bale amene wamufunsira wayamba ntchito ndipo akufuna ndowa pakatha miyezi 4. Chifukwa chake n'chomveka: kutomerana ndi lonjezo chabe, sikupangitsa awiriwo kukhala halali, ndipo chibwenzi chikatalika mayesero amachuluka. Mlongoyo sakukana banja ayi. Akuopa kulowa m'mayeso ali ndi khanda.

Tiwerengere. Ndowa ikachitika, kwatsala miyezi 14. Mimba imatenga miyezi 9. Ndiye akaima m'miyezi 5 yoyambirira, mwana abadwa mayeso asanathe. Akaima pambuyo pake, alemba ali woyembekezera. Apa n'zoonekeratu kuti mkangano wawo suli pa tsiku la ndowa kwenikweni. Pali masiku atatu osiyana: lomanga ndowa, loyamba kukhala nyumba imodzi, ndi loyamba kufuna mwana. Akhoza kumanga ndowa tsopano n'kudzalowana mtsikanayo akamaliza. Akhozanso kulowana koma n'kudikira kubereka.

Kodi kudikirako deeni ikulola? Mu Bukhari ndi Muslim muli hadisi ya Jabir (RA) yofotokoza kuti maswahaba ankachita azili, kutanthauza kutaya pambali, pa nthawi imene Qur'an inali kutsika. Potengera zimenezi, bungwe la maulama la Majma' al-Fiqh al-Islami, pamsonkhano wake ku Kuwait mu 1988, linagamula kuti kutalikitsa nthawi yobereka kwa kanthawi n'kololedwa pakakhala chifukwa chovomerezeka, bola mwamuna ndi mkazi akambirane n'kuvomereza onse, ndipo njirayo isakhale yovulaza. Kutseketsa kotheratu popanda vuto lalikulu linakuletsa. Onani bwino mawu oti onse. Mwamuna alibe ufulu womumana mkazi mwana mwayekha, ndipo mkazi kukabayitsa jakisoni mobisa, n'kumabisa kabuku ka kuchipatala kwa mnzake, si kukambirana.

Njira imene asankhe imakhudzanso kawerengedwe kaja. Jakisoni wa Depo amabaya miyezi 3 iliyonse, koma ukasiya, kubereka kumatha kuchedwa kubwerera, kwa ena mpaka pafupifupi chaka. Kapulasitiki ka pamkono ka Implanon kamakhala zaka 3, koma kakachotsedwa thupi limabwerera msanga. Choncho banja limene lagwirizana kudikira miyezi 14 n'kusankha jakisoni likhoza kupezeka ladikira zaka ziwiri, ndipo mwamuna n'kuyamba kukayika kuti mkazi wake sanasiye. Izi n'zofunika kukazimva limodzi kwa anamwino, osati kwa anzathu a kuhositelo.

Ena amati basi tingozilemba ngati lamulo pa ndowa. Apa tisamale. Mtumiki (SAW) anatsindika za kukwaniritsa malonjezo a ukwati, koma maulama amasiyana pa mphamvu ya zimene munthu waonjezera. A Hambali amavomereza zambiri zopindulitsa mkazi, monga kusamuchotsa m'dera lake, pomwe a Shafi, amene ambiri kuno timatsatira, amati zoterezi sizimanga munthu ngakhale ukwatiwo uli wolondola. Ndiye pepala lokha silingakutetezeni. Funsani asheikh anu tsiku la ndowa lisanafike, ndipo walii ndi ankhoswe a mbali zonse amve zimene mwagwirizana. Paja chaka chikangotha opanda mimba, apongozi amayamba kufunsa, ndipo chala chimaloza mkazi. M'bale, ngati munavomera kudikira, mayi anu muwauze ndinu.

Ine ndimaona kuti pamene pamaonekera chilungamo cha munthu ndi pa mawu oti "tikakhazikika". Mufunseni kuti kukhazikikako n'chiyani. Ngati ndi digiri, ili ndi mwezi wake. Ngati ndi ntchito, nanga ikapanda kupezeka pakatha chaka? Ngati ndi nyumba yakeyake, mwina mukukamba za zaka 10. Amene akuyankha ndi mwezi ndi chaka, kenako n'kunena Insha Allah, mukhoza kukambirana naye ngakhale mukusiyana. Amene nthawi zonse akusintha nkhani, kapena wavomera msangamsanga kuti ndowa ingochitika, mwina mumtima akuti "akalowa m'nyumba asintha maganizo". Funsaninso funso lina lovuta: mimba ikabwera nthawi imene simunakonze, poti palibe njira yosalephera, sukulu ipitirira bwanji, ndipo mwanayo adzatsala ndi ndani masana?

Mukapeza kuti wina akufuna mwana chaka chino, wina pakatha zaka 5, ndipo palibe akusuntha, kubweza chitomero n'kololedwa. Sikufuna talaka, sikufuna eda.