Kanema akuyenda bwino, kodi ndisinthe mutu wake?

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti: "Ndinaika kanema pa YouTube, mutu wake 'Kaphikidwe ka zitumbuwa', ndipo anthu akumuonera tsiku ndi tsiku. Ndikufuna mutuwo ukhale 'Simungakhulupirire zomwe ndinaphika'. Kodi chiwerengero cha oonera chidzafufutika?"

Katswiri: Ayi mayi, sichifufutika, ndipo linki ya kanemayo sisintha. Chimene mungataye ndi njira imene anthu akudzera pobwera kwa inu. Musanakhudze kanthu, tsekulani YouTube Studio, musankhe kanemayo, mulowe pa Analytics, kenako pa Reach, muone komwe oonera anu akuchokera. Ngati ambiri akuchokera ku YouTube search, ndiye kuti amalemba okha mawu oti "zitumbuwa" n'kukupezani. Mutu watsopanowo mulibe mawu amenewo. Wofuna kuphika akauona sadziwa n'komwe kuti yankho lake lili m'menemo, amangodutsa.

Tiyerekeze kuti kanema wanu amaonetsedwa kwa anthu maulendo 10,000 pa sabata, ndipo pa 100 aliwonse 6 amamutsekula. Amenewo ndi oonera 600. Otsekula akatsika kufika pa 4, mwatsala ndi 400. Vuto silithera pomwepo. YouTube silanga munthu chifukwa chosintha mutu, koma imatsata zimene oonera akuchita. Akamalambalala kanemayo, kapena akamamutsekula n'kuchokamo msanga poona kuti mutu unawalonjeza zina, nayonso imayamba kumuonetsa kwa anthu ochepa.

Wowulutsa: Bambo wina wa ku Mzuzu akuti iwo anasintha kale, ndipo Impressions click-through rate yatsika. Akufunsa ngati abwezeretse mutu wakale.

Katswiri: Musafulumire bambo. Nambala imeneyo imaonetsa kuchuluka kwa otsekula kanema mwa amene amuona akudutsa, ndipo imatsikanso kanema akafika kwa anthu achilendo ambiri. Choncho muione pamodzi ndi Impressions. Ngati Impressions ikukwera ndipo oonera akuchuluka, zinthu zili bwino. Koma zonse zikatsikira limodzi kuyambira tsiku limene munasintha, ndiye kuti mutuwo wakupwetekani. Ziwerengerozi zimachedwa ndi masiku ngati awiri, choncho yerekezani sabata yathunthu ndi sabata ya m'mbuyo mwake. Mukabwezeretsa, dziwani kuti oonera sabwerera nthawi zonse pamlingo wakale. Ndipo ngati munasintha mutu ndi chithunzi cha pamwamba tsiku limodzi, simungadziwe chomwe chalakwa.

Wowulutsa: Ndiye kuti mutu wa kanema woyenda bwino usamakhudzidwe konse?

Katswiri: Ngati mutuwo uli ndi cholakwika kapena ukusocheretsa anthu, ukonzeni lero lomwe. Apo ayi, dikirani oonera ayambe kuchepa okha. Posintha, lembani mutu wakale penapake, ndipo mawu amene anthu amafufuza akhalebe kumayambiriro, chifukwa pafoni mutu wautali umadulidwa kumapeto. Mayi aja a ku Zomba akhoza kulemba kuti "Kaphikidwe ka zitumbuwa zosamwa mafuta".