"Sabata Yamawa" Ndi Liti? Mafunso ndi Mayankho pa Kupangana Tsiku

Funso: Aliyense amadziwa tanthauzo la "sabata yamawa". Vuto lili pati?

Vuto ndi lakuti mawuwa satchula tsiku; amawerengera kuchokera pa nthawi imene anenedwa, ndipo anthu sagwirizana pomwe sabata imayambira. Mayina a masiku athu amayamba ndi Lolemba, n'chifukwa chake lotsatira timalitcha Lachiwiri. Koma makalendala ambiri apakhoma amayamba ndi Lamlungu, ndipo kwa a Adiventisiti, amene ndi ochuluka mu Lusaka, sabata imatha Loweruka dzuwa likalowa. Tiyerekeze kuti komiti ya chilimba ku Libala yakumana Lamlungu pa 28 Juni 2026, wapampando n'kunena kuti, "Tidzaonana Lachisanu sabata yamawa." Mayi amene amaona Lamlungu ngati mchira wa sabata amva Lachisanu pa 3 Julayi. Amene amaliona ngati mutu wa sabata akuti sabata ino yayamba kale, choncho yamawa ndi ya Lachisanu pa 10 Julayi. Palibe wamva molakwa. Zimaipiratu uthenga ukadutsa m'manja: mlembi aulemba pa foni Lamlungu usiku, membala wa ku Chelstone auwerenga Lolemba atagula mayunitsi, ndiye "yamawa" ija yasuntha ndi masiku 7 popanda wasintha chilembo.

Funso: Nanga "kumapeto kwa mwezi"? Mwezi uli ndi tsiku lomaliza limodzi basi.

Pa kalendala n'zoona, koma wolankhula sakhala akuganiza za kalendala. Kwa wapantchito, mwezi umatha tsiku limene malipiro alowa, ndipo mabwana salipira tsiku limodzi. Kwa wa mu ofesi, ndi tsiku lomaliza logwira ntchito: mu Meyi 2026, pa 31 ndi Lamlungu, choncho iye akunena Lachisanu pa 29. Mwininyumba ku Kabwata akunena pa 31 penipeni, pomwe wokhala m'nyumbamo amakokera mpaka masiku oyamba a Juni. Onani mmene amachitira amene safuna kutaya ndalama. A ZRA sauza mabwana kuti msonkho wa PAYE ubwere "kumayambiriro kwa mwezi". Amati pofika pa 10 mwezi wotsatira, ndipo a NAPSA nawo amatchula pa 10. Atchula nambala chifukwa kuchedwa kuli ndi chindapusa, ndipo simungalange munthu pa tsiku limene simunamuuze. Chilimba nacho chili ndi wodikira ndalama zake, ndiye chisowerenji nambala?

Funso: Tinene bwanji tsono?

Tchulani dzina la tsiku, deti, mwezi m'mawu, ola ndi malo: "Lachisanu pa 3 Julayi, 15:00, pa geti la Libala Secondary School." Dzina la tsiku ndi deti ziyendere limodzi chifukwa zimalonderana. Wina akalemba "Lachisanu pa 4 Julayi", wowerenga aona kuti pa 4 ndi Loweruka n'kufunsa nthawi ikadalipo. Mwezi ulembedwe m'mawu chifukwa 03/07 kuno ndi 3 Julayi, koma foni kapena kompyuta yotsatira kalembedwe ka ku Amereka imati ndi 7 Marichi. Pa ola, Zambia ili ndi mwayi: anthu anazolowera kale kuwerenga maola 24, ndiye 07:00 sisokonezeka ndi 19:00. Kutsegula kalendala kumaululanso zina. Amene akanati "Lachiwiri la sabata inayo" aona kuti pa 6 ndi pa 7 Julayi 2026 ndi maholide a Ngwazi ndi Umodzi, omwe amagwa Lolemba loyamba la Julayi ndi Lachiwiri lotsatira, pamene ambiri amakhala atapita kumudzi.

Funso: Kodi kupanikiza akuluakulu ndi deti si mwano? Ndipo za mawa sizidziwika.

Chotsutsachi chili ndi nzeru yake. Nthawi zina "tidzaona sabata yamawa" ndi njira yaulemu yokanira, ndipo maliro akagwa pangano lililonse limaima. Koma ulemu uli m'kafunsidwe, osati m'kubisa tsiku. "Amayi, kodi Lachisanu pa 3 Julayi mungapezeke, Mulungu akalola?" ndi funso lofatsa, ndipo limapatsa mkuluyo mpata wosankha tsiku lina. Za maliro zikuthandiza mbali yathu: pangano lokhala ndi deti lingasunthidwe, chifukwa onse akudziwa chimene chikusuntha. Ngati tsiku silinadziwike ndithu, ikani deti pa yankho lenilenilo: "Ndidzakuuzani tsiku la msonkhano pofika Lachitatu pa 1 Julayi, 18:00." Ndipo amene walandira uthenga asangoyankha kuti "chabwino", abwereze tsiku ndi ola m'mawu ake, popeza apo m'pamene wa pa 3 ndi wa pa 10 amazindikirana.