Chilungulira mukatha kudya: yambani ndi muyezo wa nsima ndi nthawi yogonera

Kuno ku Mulanje munthu akamva moto kuseri kwa fupa la pachifuwa atangodya, madzi owawasa n'kumabwerera kukhosi, amathamangira kunena kuti ali ndi zilonda zam'mimba. Kenaka amayamba kusala: lero nanazi, mawa nandolo, mkuja mbatata, mpaka m'mbale mumatsala nsima ndi masamba owiritsa basi, koma chilungulira osatha. Ine ndikuti njira imeneyi imayambira kumapeto. Kwa anthu ambiri vuto si kuchuluka kwa asidi kapena mtundu wa ndiwo, koma asidi wa masiku onse amene wakwera kumalo osayenera. Choncho choyamba kukonza ndi muyezo wa chakudya, nthawi yodyera ndi kagonedwe.

Chakudya chimatsika m'njira yotalika pafupifupi masentimita 25 yodutsa kuseri kwa fupa la pachifuwa. Pamene njirayi imalumikizana ndi chifu pali mnofu wozungulira umene umamasuka tikameza n'kuthinanso. Chifu chili ndi ntchofu yochiteteza ku asidi wake, koma njira ya chakudya ilibe chitetezo chotere, n'chifukwa chake asidi wochepa chabe akakweramo timamva kuwotcha. Mnofuwu umamasukanso wokha chifu chikafufuma, kuti mpweya utuluke pogeya, ndipo chifu chikadzaza kwambiri umamasuka pafupipafupi. Zili ngati chigubu cha thobwa chosatsekeka bwino: chikaima sichitaya, koma mukachidzaza mpaka pakamwa, n'kuchigoneka kapena kuchifinya, thobwa limatuluka.

Tiyerekeze mayi wotchola tiyi ku esiteti ina pafupi ndi Limbuli. M'mawa amwa tiyi yekha, masana adya chinangwa pang'ono, ndiye chakudya chenicheni ndi cha usiku cha m'ma 8 koloko: mitanda itatu ya nsima, nandolo wothira mafuta ndi tsabola, ndi makapu awiri a madzi. Pasanathe theka la ola wagona pamphasa, ndipo msana ukawawa amwa bulufeni. Apa zonse zakumana. Chifu chafufuma, mafuta akuchedwetsa chakudya kutsika, thupi lagona moti asidi sabwerera yekha pansi, komanso munthu akagona tulo malovu amene amatsuka asidi amachepa. Mayiyu atasiya nandolo n'kuyamba nyemba, usiku wake udzakhala womwewo.

Choyamba, gawani chakudya chomwecho. Mtanda umodzi mwa itatu ija uchoke usiku upite m'mawa kapena masana, ndipo madzi ambiri muzimwa pakati pa tsiku, osati kuthira pamwamba pa nsima. Chachiwiri, pakati pa kusamba m'manja ndi kugona pazidutsa maola atatu. Wogona 9 koloko adye cha m'ma 6. Wina anena kuti wogwira ntchito ya thukuta sangagone ndi mitanda iwiri, komanso moto umasonkhedwa mochedwa chifukwa wophikayo ndi yemwe wachokera kumunda. Zimenezi n'zoona, ndipo sindikunena kuti munthu achepetse chakudya cha tsiku lonse. Nsima yotsala ikhoza kusungidwa ngati mkute wa m'mawa, ndipo tsiku limene mwadya mochedwa khalani tsonga kapena yendani pang'ono pabwalo musanagone. Masananso, mukatha kudya musawerame ndi khasu nthawi yomweyo, ndipo lamba kapena chitenje chisathine pamimba.

Chachitatu ndi kagonedwe. Kwezani kumutu kwa bedi ndi masentimita 15 mpaka 20 poika njerwa ziwiri kapena zitatu pansi pa miyendo yake. Wogona pansi apinde mabulangete kapena matumba pansi pa mphasa kuti thupi likwere pang'onopang'ono kuyambira m'chiuno. Kuunjika mapilo sikuthandiza, chifukwa kumapinda munthu pamimba n'kufinya chifu. Gonerani kumanzere: chifu chimakhala mbali imeneyo, ndiye zam'kati mwake zimatsalira pansi pa khomo lake.

Chachinayi, yang'anani zimene zimafooketsa mnofu uja kapena kupweteka chifu. Fodya, kaya wosuta kapena wa chingambwe, ndi mowa zili patsogolo. Bulufeni, asipirini, dayikulofenaki ndi indosidi amakanda chifu ndipo akhoza kuyambitsa zilonda zenizeni. Pa ululu wamba panado ndiye wabwinopo. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, monga nifedipini ndi amulodipini, amamasula mnofuwu, koma musawasiye nokha, kauzeni adokotala. Mimba ya kunenepa imakankha chifu, ndipo amayi oyembekezera amavutika pa chifukwa chofananacho. Iwo afunse kusikelo asanamwe mankhwala alionse.

Tsopano ndiye tifike pa zakudya. Sindikukana kuti nanazi, tomato, tsabola, mandasi ndi tchipisi za pachiwaya, tiyi wowirira kapena zakumwa za gasi zimavutitsa ena. Koma zimene zimavutitsa mnzanu mwina sizingakuvutitseni inu. Mukakonza zinayi zija kwa masabata awiri, chotsani chakudya chimodzi chokha chimene mukuchikayikira kwa sabata imodzi, kenaka muchibwezere. Chilungulira chikachoka n'kubweranso nacho, mwachipeza. Chikapanda kusintha, idyani, chifukwa kusala nandolo popanda umboni n'kudzimana ndiwo yomanga thupi imene ili pakhomo.

Ena amati zonsezi n'zotalika, soda wophikira therere kapena mkaka zimaziziritsa msanga. Soda amaphadi asidi, koma potero amapanga mpweya umene umafufumitsanso chifu, ndipo ali ndi mchere wosayenera wodwala kuthamanga kwa magazi, mtima kapena impso. Mkaka umaziziritsa kanthawi, kenaka chifu chimatulutsa asidi wina. Mapiritsi otafuna a maginiziyamu amathandiza chilungulira cha apo ndi apo, koma amalepheretsa mankhwala ena kulowa m'thupi, kuphatikizapo dolutegilaviya amene ali mu ma ARV ambiri, choncho funsani kuchipatala za nthawi yomwera. Omepulazo ndi wosiyana: amachepetsa kapangidwe ka asidi ndipo sagwira pompopompo. Kawirikawiri amaperekedwa mamiligalamu 20 kamodzi patsiku, theka la ola musanadye m'mawa, kwa masabata anayi mpaka asanu ndi atatu. Kumumwa usiku moto utayamba kale n'kutaya ndalama.

Njirazi zili ndi malire ake. Chilungulira chikamabwera kawiri pa sabata kapena kuposerapo, kapena chikapitirira mutayesa zonsezi kwa mwezi, pitani kuchipatala chapafupi, cha boma cha Mulanje kapena cha Mulanje Mission. Musadikire mwezi ngati nsima kapena nyama yayamba kuima pachifuwa, ngati mukuwonda popanda chifukwa, mukusanza magazi, kapena chimbudzi chada ngati phula. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kummero ili yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo ngakhale mtundu wofala kuno suchokera ku chilungulira, munthu akhoza kubisa chiyambi chake ndi mapiritsi a asidi. Wovutika kumeza amafunika kuunikidwa ndi kachubu ka kamera, monga zimachitikira ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ululu wa pachifuwa wobwera pokwera chitunda kapena ponyamula katundu, wofalikira kumkono kapena kunsagwada, wobwera ndi thukuta ndi befu, ukhoza kukhala wa mtima. Umenewo ngwothamangira nawo kuchipatala nthawi yomweyo.